Wodwala wosadzuka pabedi akamadzimbidwa: mmene mungamuthandizire kuchita chimbudzi pakhomo

Mayi anga atagwidwa ndi sitiroko tinakhala ku Gulupu masabata awiri, kenako anatitulutsa kuti tikapitirize kuwasamalira kunyumba ku Bangwe. Mbali yakumanja yonse inali itafa, kudzuka okha ayi ndithu. Ife tonse maganizo anali pa mankhwala a bipi, pa chakudya, pa kuwatembenuza kuti asachite zilonda, koma za chimbudzi palibe ndi mmodzi yemwe amene amawerenga masiku, ndipo eni akewo ndi munthu wamkulu wamanyazi sakananena okha. Patapita sabata ndi masiku angapo tinayamba kuona timadzi tabulauni tonunkha kwambiri pathewera, tsiku lonse kumangochucha pang'onopang'ono, ndiye achimwene anati amayi atsegula m'mimba, anathamanga kukagula timakapusozi toletsa kutsegula tija, loperamaidi. Tinawapatsa masiku awiri. Mimba inafufuma, anasiya kudya, usiku kumangobuula osagona. Anesi ena opuma pantchito amene timapemphera nawo atabwera kudzawaona anangogwira pamimba mbali yakumanzere, nkuvala golovesi kuwayeza ndi chala, akuti "Mwana wanga, amayi anuwa sanatsegule m'mimba, adzimbidwa koopsa, chimbudzi chauma ngati mwala ndipo chatseka njira, madzi mukuwaonawa akungodutsa m'mbali." Ndinalira tsiku limenelo chifukwa ndinazindikira kuti mankhwala tinawapatsa aja amawonjezera vuto. Ndiye zimene ndikulembazi ndi zimene tinaphunzitsidwa kuchokera pamenepo, ndipo tinazichita tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri.

Choyamba penipeni gulani kope, kakang'ono ka ana asukulu komweka, mulimangirire cholembera lizikhala pafupi ndi bedi. Tsiku lililonse mulembe ngati wodwala wachita chimbudzi kapena ayi, nthawi yanji, chochuluka bwanji, komanso chooneka bwanji, kaya ndi timibulu touma ngati ta mbuzi, kaya chofewa chogwirana, kaya chamadzi. Zikuoneka ngati zazing'ono koma pakhomo pamene mukusinthana anthu atatu, wina wam'mawa wina wamadzulo wina wa Loweruka, aliyense amaganiza kuti anachita nthawi ya mnzake, masiku nkumapita. Sikuti munthu azichita tsiku ndi tsiku ayi, ena mwachibadwa amadumphitsa tsiku ndipo zili bwinobwino bola chikutuluka chofewa mosavutikira. Koma masiku 3 akakwana osachita kanthu musadikire lachinayi, yambani kuchitapo kanthu.

Chifukwa chimene munthu wogona amadzimbidwira nchosavuta kumvetsa. Matumbo amayenda bwino thupi likamayenda, ndiye munthu akangogona nawonso amachita ulesi, chimbudzi chimakhalitsa m'thumbo lalikulu ndipo thumbo limenelo ntchito yake ndi kuyamwa madzi, chikakhalitsa chimauma. Muwonjezerepo kuti wodwala akumwa madzi ochepa, akudya phala la ufa woyera lokhalokha, komanso kudzithandiza chogona chagada nkovuta ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Palinso mankhwala. Mofini wamadzi uja amapatsa anthu a khansa, kodini, tiramado, mapilisi owonjezera magazi, amitiriputilini, onsewa amadzimbitsa. Makamaka mofini, thupi silizolowera pa nkhani ya kudzimbidwa, nchifukwa chake ku makiliniki osamalira odwala matenda okhalitsa ngati Tiyanjane ku Gulupu amakupatsani mofini pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba, ndipo ofewetsawo musamawasiye mukaona ngati zayamba kuyenda. Komanso musasiye mofini chifukwa cha kudzimbidwa munthu nkumavutika ndi ululu, vuto la chimbudzi lili ndi njira yake.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndikufuna ndinene mosabisa chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Timachepetsa dala madzi kuti wodwala asamakodze pafupipafupi, poti kuchapa nkotopetsa, madzi a kumpopi amavuta, matewera ogula ndi odula. Ndikumvetsa, ndachapapo zofunda 2 koloko usiku, koma mtengo wake umabwera pa chimbudzi ndi matenda a m'chikhodzodzo. Munthu wamkulu amafunika lita imodzi ndi hafu mpaka malita 2 patsiku, kuphatikiza tiyi, thobwa, phala lamadzimadzi ndi msuzi. Ife timadzaza botolo la sobo la malita 2 lija m'mawa ndi madzi owiritsa, chilichonse chowamwetsa chizichokera mmenemo kapena tizichotsera muyezo wake, madzulo timaona patsala pati. Madzi ambiri muwapatse m'mawa ndi masana, kukamada muchepetse, usiku simuvutika kwambiri. Koma ngati adokotala anakuuzani kuti muchepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso, tsatirani muyezo wa adokotalawo osati wangawu. Ndipo wa sitiroko musamumwetse chogona, mumukhazike tsonga kaye, pang'onopang'ono ndi supuni kapena kakapu, akamatsamwa ndi madzi enieni zinthu zolimbirako ngati phala lamadzi zimamezeka bwino, koma zimenezo mukawauzenso kuchipatala.

Pa chakudya sindichulutsa. Mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, phala lake mutsireko nsinjiro kapena supuni ya mafuta ophikira. Papaya wakupsa bwino tsiku lililonse ngati alipo, ndi amene anatithandiza kwambiri, nyengo ya mango muwapatse mango, mapeyala, therere, nkhwani, bonongwe, kholowa zophika mpaka kufewa. Chenjezo ndi limodzi, zakudya zagagazi zimafuna madzi, mukachulutsa mgaiwa ndi nyemba munthu asakumwa mokwanira mimba imangodzaza mpweya. Komanso ngati chimbudzi chatseka kale ngati mmene zinalili ndi mayi anga, chakudya sichingachotse, chiyambe chachoka kaye chotsekacho.

Tsopano pachimake pa nkhani, nthawi. Matumbo amaphunzira nthawi ngati mwana. Munthu akadya, makamaka chakudya choyamba cham'mawa, thumbo lalikulu limayamba lokha kukankha, ndipo mphamvu imeneyi imakhala pakati pa mphindi 20 ndi 30 akatha kudya. Ndiye musankhe nthawi imodzi, yomweyomweyo tsiku lililonse ngakhale Lamulungu. Ife zimayenda chonchi. Nthawi ya 6 koloko ndimawadzutsa nkuwakhazika ndi mapilo, kapu ya madzi ofunda kapena tiyi. Hafu 6 phala. Akamadya ine ndikukonza zida kuti ndisamachoke pakati pa ntchito kukafuna sopo, zida zake ndi magolovesi, pulasitiki yoyala pabedi ndi chitenje chakale pamwamba pake, beseni la madzi ofunda, sopo, tinsalu tiwiri, tishu, vasilini, bedipani, chimbale chija chochitiramo chimbudzi pabedi, ndi ndowa yovundikira. Cha m'ma 7 koloko ntchito iyambike. Ngati nonse mumapita kuntchito m'mawa mukhoza kuika nthawiyi madzulo akatha kudya nsima, chachikulu isamasinthesinthe.

Musanawagwire tsekani chitseko, ana atuluke, wailesi muyatse kuti phokoso la m'mimba lisawachititse manyazi, zenera mutsegule pang'ono. Ndipo muwauze chilichonse musanachite ngakhale akuoneka ngati sakumva. Ine ndimati "Amayi, nthawi ija yakwana, ndikusisitani pamimba kaye." Masiku oyamba amatembenukira kukhoma misozi ili mbwembwembwe, tsiku lina anandiuza movutikira kuti "Mwana wanga, ndakusandutsa wantchito." Ndinawayankha kuti inu munandipiputa zaka zingati, ino ndi nthawi yanga. Osakwinya nkhope, osagwira mphuno, osadandaula za fungo iwo akumva, chifukwa munthu wamkulu akaona kuti akukuvutitsani amayamba kudzigwira, ena mpaka kukana kudya dala kuti asachite chimbudzi, ndipo ambiri amadzimbidwa chifukwa cha manyazi omwewa. Ngati nkotheka bambo azithandizidwa ndi mwamuna mnzawo, mayi ndi mkazi mnzawo, muwafunse eni ake amene akumasuka naye, kwathu anali ine ndi azakhali basi, achimwene ntchito yawo inali kunyamula nkutuluka.

Yambani ndi kusisita pamimba. Agone chagada maondo opinda, mupake mafuta pang'ono m'manja, manja akhale ofunda. Muyambire pansi kudzanja lamanja la wodwalayo pafupi ndi fupa la chiuno, mukwere mpaka pansi pa nthiti, mudutse kupita kumanzere, kenako mutsike mpaka pansi kumanzere, kuzungulira ngati mmene iyendera mivi ya wotchi inu mukuyang'ana pamimbapo. Imeneyo ndiye njira imene chimbudzi chimadutsa. Muchite modekha mphindi 5 mpaka 10, osakanikiza ngati mukukanda ufa wa mandasi. Ngati mimba ikupweteka mukaigwira, yafufuma kwambiri, pali chotupa kapena anachitidwa opaleshoni posachedwa, osasisita. Mukatha mupinde miyendo kubweretsa bondo kumimba nkuwongola, kakhumi mwendo uliwonse, wakufawo muugwirire bwino pabondo ndi kuchidendene.

Kenako kakhalidwe. Ngati wodwala angathe kukhala pansi mothandizidwa, ngakhale mphindi zochepa, mpando umaposa bedipani kutalitali. Ife tinapita kwa kalipentala ndi mpando wathabwa wokhala ndi mogwira manja, anatiboolera pakati nkusalaza bwino m'mbali, ndowa timaika pansi. Mapazi asalendewere, muwaikire kampando kapena njerwa ziwiri kuti maondo akwere kuposa chiuno pang'ono, aweramire kutsogolo, inu muime mbali yakufayo kuti asagwe. Ngati sangakhale, bedipani muyambe mwaitsukuluza ndi madzi ofunda isazizire, mumutembenuzire kumbali, muike bedipani pamatako, mumubweze chagada ali pamwamba pake, ndiye mumutsamiritse ndi mapilo kumsana kuti akhale ngati wakhala tsonga. Musamusiye pamenepo kupitirira mphindi 10 mpaka 15, mkombero wa bedipani umadya khungu ndipo chilonda cha pogona chimayamba choncho. Amene sangathe ngakhale zimenezi agone chammbali kumanzere, bondo lapamwamba lopinda, pansi pali pulasitiki ndi thewera, chimatuluka ndithu. Chikakanika lero musawakakamize kutchima mpaka thukuta, makamaka a bipi ndi a mtima, mulembe m'kope kuti lero ayi, mawa nthawi yomweyo muyesenso. Zimatenga masabata awiri kapena kuposerapo kuti thupi ligwire nthawi.

Masiku 3 akakwana ndi pamene mankhwala amalowa, ndipo ndi bwino mufunsiretu anesi kapena adokotala amene akumudziwa wodwalayo kuti mukhale nawo m'nyumba. Amene amapezeka kwambiri ndi bisakodili, timapilisi ta mamiligalamu 5, limodzi kapena awiri usiku pogona, amagwira pakatha maola 6 mpaka 12, ndiye amakumana bwino ndi nthawi yanu yam'mawa ija. Amenewa amezedwe athunthu, osaphwanya, osamwera mkaka kapena mankhwala a chilungulira, ndiye ngati wodwala wanu sangameze pilisi lathunthu muwauze akupatseni ena. Lakitulozi ndi wamadzi wotsekemera, nthawi zambiri amayambira mamililita 15 kawiri patsiku, ntchito yake ndi kufewetsa, koma amachedwa, mpaka masiku awiri, amafuna madzi ambiri ndipo masiku oyamba amadzaza mpweya. Mafuta aja amati parafini wakumwa musamupatse munthu amene amatsamwa kapena wogona chagada, akalowera kumapapo amayambitsa chibayo. Ndipo chonde osalowetsa tizidutswa ta sopo kapena kupopera madzi a sopo kapena a zitsamba kumalo otulukira chimbudzi, ndikudziwa akuluakulu ena amalangiza zimenezo koma zimawotcha mkati.

Pali mankhwala ena olowetsa kunjira ya chimbudzi, ooneka ngati kachipolopolo, a giliserini kapena a bisakodili yemweyo, amenewa amagwira msanga, mphindi 15 mpaka ola limodzi. Kaikidwe kake, wodwala agone chakumanzere bondo lopinda, mumufunditse kusiya pamalo pokhapo, inu muvale golovesi, muchotse kapepala kokutira, wa giliserini mumunyowetse ndi madzi pang'ono, mumuuze apume mozama, ndiye mulowetse pang'onopang'ono ndi chala mpaka kadutse pakhomo polimba paja. Chofunika nchakuti kakhudze khoma la thumbo, mukakabaya pakati pa chimbudzi sikagwira ntchito. Mugwirizanitse matako kwa mphindi zingapo kuti kasabwerere. Mwezi wa Okutobala kukatentha timankhwalati timasungunuka, mukaviike m'madzi ozizira kasanatsegulidwe kalimba.

Ndibwerere ku zija zinatichitikira, chifukwa ndi zimene ndikufuna muzizindikire msanga. Mukaona chimbudzi chamadzi musathamangire kunena kuti watsegula, tsegulani kope kaye. Ngati masiku apitawa sanachite chimbudzi chenicheni, kapena amangotulutsa timibulu, ndipo tsopano madzi akuchucha pang'onopang'ono osalekeza iye osadziwa nkomwe, mimba yatupa, sakufuna kudya, mwina mkodzo ukuvuta kutuluka, nkhalamba zina mpaka kuyamba kusokonekera mutu, kumeneko ndi kutsekeka. Kutsegula kwenikweni kumabwera kwambiri nthawi imodzi, kangapo patsiku, munthu amene dzulo ndi dzana amachita bwinobwino. Pa kutsekeka, loperamaidi ayi. Anesi aja anachita chonchi, anawagoneka chakumanzere, anavala magolovesi awiri, anapaka mafuta ambiri pachala, nkumaphwanya chouma chija pang'onopang'ono kumatulutsa tizidutswa, akupumira, akuwayankhula, amayi akati zikupweteka amaima. Sanamalize tsiku limodzi, anabweranso mawa lake, kenako anaika kamankhwala kolowetsa kaja, ndipo tsiku lachitatu kunatuluka chimbudzi chochuluka zedi, madzulo ake amayi anapempha nsima okha. Ntchito iyi musaiyambe nokha musanaonetsedwe ndi anesi, mkatimo ndi mofewa mumachekeka msanga, ndipo kwa amene akumwa mankhwala osungunula magazi, a khansa ya kumatumbo, a mtima kapena amene ali ndi mudzi wotuluka magazi, isiyireni achipatala.

Amene anavulala msana pangozi nkufa miyendo nkhani yawo ndi yosiyanako, samva kuti chimbudzi chabwera ndipo amafunika njira imene amaphunzitsa kumalo othandiza olumala ngati Kachere. Chimodzi chokha ndinene, ngati anavulala chakumtunda, pakhosi kapena pamwamba pa chifuwa, ndiye pomuthandiza chimbudzi mutu wayamba kumuwawa mwadzidzidzi ngati ukung'ambika, nkhope thukuta, siyani pomwepo, mumukhazike tsonga, mumasule zothina, muone ngati paipi ya mkodzo yapindika, bipi imakhala yakwera koopsa ndipo zikapanda kutsika msanga thamangani kuchipatala.

Akatha kuchita, kupukuta kuzichokera kutsogolo kupita kumbuyo, makamaka kwa amayi, kuti zoipa zisalowe njira ya mkodzo. Muyambe ndi tishu, kenako kansalu ka madzi ofunda ndi sopo pang'ono, mutsukuluze, muumitse mogundagunda ndi kansalu kouma osati kukhula, ndiye mupake vasilini wochepa. Nthawi yomweyi ndi yabwino kuyang'ana khungu la pamwamba pa matako pafupa paja ndi m'chiuno, mukaona malo asintha mtundu, adera kuposa ena, akutentha kapena alimba, chilonda chikubwera, asagonerenso pamenepo ndipo muzimutembenuza maola awiri aliwonse. Munthu asakhalitse pa thewera loipa ngakhale usiku, chimbudzi chamadzi chimasupula khungu m'maola ochepa. Pulasitiki isakhudze thupi, pakhale nsalu pakati.

Zoipazo mukataye kuchimbudzi, osati kudzala kapena mu ngalande, tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 mmene inatisautsira muno mu Blantyre. Bedipani ndi ndowa mutsuke ndi sopo kaye kenako jiki wosungunula, ngati ndi uja wa 3.5 peresenti muyezo ndi kapu imodzi ya jiki ku makapu 6 a madzi, ndipo osamusakaniza ndi mankhwala ena otsukira. Nsalu zoipa muzichape pazokha nkuziyanika padzuwa. M'manja musambe ndi sopo ngakhale munavala magolovesi, ndipo muwasambitsenso m'manja wodwalayo. Magolovesi akatha jumbo yosabooka imathandiza potola ndi kupukuta, koma osati polowetsa chala. Ndiponso inu osamalira, bedi likakhala lalifupi musaweramire ndi msana, gwadani kapena mulikweze ndi njerwa, ine msana unandipweteka miyezi ingapo ndisanadziwe zimenezi.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kuyesa chilichonse pakhomo, osapereka ngakhale bisakodili. Ngati akusanza, makamaka zobiriwira kapena zonunkha ngati chimbudzi, mimba yatupa yalimba ngati ng'oma ndipo mpweya woipa sukutuluka, mwina matumbo apotana kapena atsekeka mkati ndipo mankhwala otsegula akhoza kuwonjezera ngozi. Chimodzimodzi ngati mukuona magazi ambiri, kapena chimbudzi chakuda bii chonata ngati phula, kapena thupi latentha pamodzi ndi kupweteka kwa m'mimba. Mapilisi owonjezera magazi amadetsa chimbudzi koma sichikhala chonata chonunkha mwachilendo choncho. Ngati watseguladi m'mimba kwenikweni, sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimumwetsa pang'onopang'ono ali tsonga, musiye kaye mankhwala ofewetsa aja, ndipo akayamba kufooka, mkodzo kuchepa, maso kulowa, pezani galimoto tsiku lomwelo. Popita musaiwale kunyamula kope lija pamodzi ndi buku lakuchipatala ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa, chifukwa funso loyamba adokotala akafunsa ndi lakuti anachita liti chimbudzi komaliza.